Aphungu ndi pulezidenti akakangana pa ndalama za boma, woweruza ndani? Kuyerekeza njira zinayi

Tiyerekeze dziko lina longopeka, lomwe sitilitchula dzina. Malamulo aakulu a dzikolo ali ndi ndime zitatu zomwe zikutikhudza pa nkhaniyi. Yoyamba ikuti palibe ndalama yotuluka m'thumba la boma popanda lamulo lopangidwa ndi Nyumba ya Malamulo. Yachiwiri ikuti udindo woyendetsa boma ndi wokwaniritsa malamulo uli m'manja mwa pulezidenti ndi nduna zake. Yachitatu ikuti lamulo lililonse kapena chochita chilichonse chotsutsana ndi malamulo aakuluwo chilibe mphamvu.

Chaka china aphungu akhazikitsa bilu yopatula mabiliyoni 40 a ndalama ya dzikolo kuti amangire madamu othirira m'maboma ouma. Poti sakhulupirira nduna, aikamo ndime ya 7, yonena kuti kontirakiti iliyonse yomanga damu isasainidwe mpaka komiti ya aphungu itavomereza kampani yomwe yasankhidwa. Pulezidenti akana kusainira biluyo ndipo aibweza. Aphungu aivoteranso ndi magawo awiri mwa atatu, monga malamulo aakulu amalolera, choncho bilu ija isanduka lamulo popanda saini yake. Patangotha sabata, pulezidenti alembera mlembi wamkulu wa zachuma kalata yomuuza kuti asatulutse ndalama za madamu, ndipo mabiliyoni 15 mwa ndalamazo awasamutsire ku ntchito yokonza misewu.

Mlembiyo tsopano ali ndi mapepala awiri patebulo pake. Lina ndi lamulo losindikizidwa m'gazeti ya boma, lomwe likuti lipira. Lina ndi kalata ya bwana wake, yemwe angathe kumuchotsa ntchito mawa lomweli, yomwe ikuti usalipire. Nkhani ya kugawana mphamvu pakati pa nthambi zitatu za boma imaoneka bwino pa tebulo ngati limeneli, chifukwa payenera kupezeka wina woti amuuze mlembiyo pepala loti alimvere.

Ndasankha mlanduwu dala chifukwa mbali zonse ziwiri zadumpha malire. Pulezidenti walanda ntchito ya aphungu yogawa ndalama. Kukana kusainira bilu kunali mwayi wake wotsutsa, waugwiritsa ntchito, wagonja, ndiye sangabwerenso kudzapeza mwa kalata zomwe walephera kuzipeza mwa voti. Nawo aphungu alanda ntchito ya boma, chifukwa kusankha kampani yomanga damu ndi kukwaniritsa lamulo, si kupanga lamulo. Ndipo komiti ikasankha yokha kontirakitala, damu likang'aluka, adzafunse mafunso ndani? Woyang'anira ndi woyang'aniridwa akhala munthu mmodzi. Ichi ndicho Montesquieu, katswiri wa malamulo ndi ndale wa ku Falansa, ankachenjeza mu 1748, kuti ufulu umatha pamene mphamvu yopanga malamulo ndi yowakwaniritsa zakumana m'dzanja limodzi.

Maiko amathetsa mkangano wotere m'njira zosiyana, ndipo pozisiyanitsa anthu ambiri amangofunsa kuti makhoti a uko ndi amphamvu kapena ayi. Ine ndimaona kuti mafunso othandiza ndi atatu: ndani amaloledwa kukagogoda kukhoti, amagogoda nthawi yanji, ndipo chigamulo chikatuluka chimachita chiyani.

Njira ya ku Amereka: khoti lililonse lingaunike, koma papezeke wopwetekedwa

Malamulo aakulu a Amereka sanena mwachindunji kuti makhoti angafafanize lamulo la aphungu. Mphamvuyi inakhazikika pa mlandu wa Marbury ndi Madison mu 1803, pamene mkulu wa majaji John Marshall anafotokoza kuti ngati lamulo wamba likutsutsana ndi malamulo aakulu, woweruza sangatsate onse awiri, ndipo ayenera kutsata aakuluwo. Kuchokera apo khoti lililonse, ngakhale laling'ono, lingakane kugwiritsa ntchito lamulo lotere, ndipo mlandu umakwera mwa apilo mpaka kukafika ku khoti lalikulu kwambiri.

Chovuta chili pakhomo. Makhoti a kumeneko salandira funso lopanda mwini. Wodandaula ayenera kuonetsa kuti iye mwini wapwetekedwa mwanjira yooneka, ndipo chigamulo chingamuchiritse. Chitsanzo chomveka ndi lamulo la 1996 lomwe linapatsa pulezidenti mphamvu yofufuta mizere ina ya bajeti atasainira kale. Aphungu asanu ndi mmodzi anakalitsutsa kukhoti, koma mu 1997, pa mlandu wa Raines ndi Byrd, khoti lalikulu linawabweza ponena kuti kuchepa kwa mphamvu ya voti yawo si kupwetekedwa kwa iwo eni. Lamulo lomwelo linagwa chaka chotsatira, mu 1998, litatsutsidwa ndi mzinda wa New York pamodzi ndi bungwe la alimi a mbatata a ku Idaho, omwe anali atatayadi ndalama chifukwa cha mizere yomwe Pulezidenti Clinton anafufuta. Funso linali lomwelo, koma wogogoda anali wina.

Dziko lathu lopekali likanakhala ndi njira imeneyi, sipikala ndi aphungu ake akanakhala pa chiopsezo chobwezedwa pakhomo. Wolowa mosavuta akanakhala khonsolo ya boma louma yomwe lamulo lailonjeza ndalama za damu. Iyo ikanasuma kuti mlembi wa zachuma akakamizidwe kulipira. Zofanana ndi izi zinachitikadi mu 1975, pa mlandu wa Train ndi mzinda wa New York, pamene boma la Pulezidenti Nixon linakaniza gawo la ndalama zoyeretsera madzi zomwe aphungu anakhazikitsa mu 1972, ndipo khoti linagamula kuti lamulolo silinapereke mpata wokaniza. Ndime ya 7 nayo ikanadikira munthu wake, mwina kampani yomwe yapambana tenda koma komiti ya aphungu yaikana. Kampani yotere ikanakhala ndi poimira, chifukwa mu 1983, pa mlandu wa Chadha, khoti lalikulu linakana njira yoti nyumba imodzi ya aphungu izigwetsa zochita za boma popanda kudzera m'njira yonse yopangira lamulo.

Ubwino wa njirayi ndi woti woweruza amaona lamulo likugwira ntchito pa munthu weniweni, ndipo salowerera ndale pokhapokha atakakamizidwa ndi mlandu. Kuipa kwake ndi nthawi, komanso kudukiza. Mkangano umodzi umagawika kukhala milandu iwiri yosiyana m'makhoti osiyana, ndipo makhoti ang'onoang'ono angathe kugamula mosemphana apilo isanafike pamwamba. Akuluakulu amati mlandu suola, koma ndalama za m'bajeti zili ndi chaka chake, ndipo chakacho chikatha chigamulo chingathe kupeza palibenso cholipira.

Njira ya ku Jeremani: nthambi za boma zimasumirana zokha

Maganizo oti pakhale khoti limodzi lapadera loona za malamulo aakulu okha anachokera kwa katswiri wa malamulo Hans Kelsen, ndipo analowa m'malamulo aakulu a Austria mu 1920. Jeremani inakhazikitsa khoti lake lotere mu 1951 mumzinda wa Karlsruhe. Lili ndi majaji 16, ogawidwa m'magulu awiri a anthu asanu ndi atatu, ndipo aliyense amagwira zaka 12 osabwerezanso. Theka amasankhidwa ndi nyumba imodzi ya malamulo, theka ndi nyumba inayo, ndipo pamafunika mavoti a magawo awiri mwa atatu, choncho chipani cholamula sichingadzaze khotilo ndi anthu ake pachokha.

Pa mlandu wathu, njirayi ili ndi makomo awiri omwe ku Amereka kulibe. Khomo loyamba ndi la mikangano ya pakati pa nthambi za boma. Nyumba ya Malamulo, kapena gulu la chipani m'nyumbamo, ingathe kusumira boma mwachindunji kuti lalanda mphamvu zake, pasanathe miyezi isanu ndi umodzi chichitikireni nkhaniyo. Sipafunika kudikira khonsolo kapena kampani. Khomo lachiwiri ndi lounika lamulo palokha popanda mlandu wa munthu: boma, kapena gawo limodzi mwa magawo anayi a aphungu, lingapemphe khoti kuti linene ngati lamulo likugwirizana ndi malamulo aakulu. Ndi kudzera pakhomo limeneli kuti aphungu otsutsa anapambana mu Novembala 2023, pamene khoti linafafaniza lamulo losamutsa mayuro mabiliyoni 60 omwe anavomerezedwa pothana ndi mliri wa korona n'kuwapititsa ku thumba la zanyengo. Boma linakakamizika kukonzanso bajeti yake.

Tiutsate mlandu wathu pansi pa njira imeneyi, chifukwa apa ndi pomwe ntchito ya oweruza imaoneka bwino.

Nyumba ya Malamulo ipereka dandaulo lake ndipo nthawi yomweyo ipempha chiletso chongoyembekezera. Pa chiletso khoti silifunsa kaye kuti wolakwa ndani. Limayeza kuti choipa kwambiri ndi chiti: kuimitsa kusamutsa ndalama kenako n'kupeza kuti pulezidenti ankanena zoona, kapena kulola kusamutsako kenako n'kupeza kuti analakwa. Misewu ikachedwa miyezi iwiri imadzakonzedwabe, pomwe ndalama zikalipidwa kwa makontirakitala a misewu sizibwerera. Choncho chiletso chiperekedwa, ndipo mabiliyoni 15 aja akhala pomwe ali.

Nalo boma lipereka pempho lake loti lamulo la madamu liunikidwe. Maloya ake anena kuti lamulo lonse ndi lopanda mphamvu chifukwa cha ndime ya 7, ndiye pulezidenti sanaswe kanthu polikana. Apa khoti lifunsa funso lomwe limagamula milandu yambiri ya mtundu uwu: ndime yolakwikayo itachotsedwa, chotsalacho chingaime pachokha, ndipo aphungu akanachikhazikitsabe? Cholinga cha lamuloli ndi kumanga madamu. Popanda ndime ya 7, ndalama zilipobe, malo a madamu alembedwabe, ndipo makontirakiti angaperekedwe motsata lamulo wamba logulira katundu wa boma. Ndiye khoti lidula ndime ya 7 yokha n'kusiya zina zonse. Zikanakhala kuti aphungu analemba m'lamulomo kuti popanda chilolezo cha komiti ndalamazo zisapatulidwe n'komwe, kudulako kukanavuta, ndipo mwina lamulo lonse likanagwa.

Kenako khoti liyang'ana kalata ya pulezidenti, ndipo liigawa pawiri. Kusamutsira ndalama ku misewu n'kosavuta kugamula, chifukwa palibe lamulo lomwe lapatula ndalamazo kuti zipite ku misewu, ndipo ndime yoyamba ija ikuletsa. Kukaniza ndalama za madamu kumafuna kuwerenga mosamala mawu a lamulolo. Ngati likuti nduna "ingathe kugwiritsa ntchito ndalama zosapitirira mabiliyoni 40", boma lili ndi mpata wogwiritsa ntchito zochepa, makamaka ngati misonkho yatolereka yochepa kapena ntchito yatsika mtengo. Ngati likuti nduna "iyenera kupereka", mpata umenewo palibe. Ngakhale pomwe mpata ulipo, khoti lisiyanitsa kusunga ndalama pa chifukwa cha kayendetsedwe ka ntchito ndi kupha lamulo chifukwa choti pulezidenti sakulifuna. Chizindikiro chake chimaoneka m'mapepala: kodi pali lipoti la mainjiniya kapena la zachuma lofotokoza kuchedwetsako, kapena zifukwa za m'kalata ndi zomwe zija pulezidenti anapereka pokana kusainira bilu? Mu mlandu wathu zifukwa ndi zomwezo, choncho kalatayo igwa.

Funso loti dzikolo likufunikira madamu kapena misewu khoti silinaliyankhe, chifukwa limenelo ndi la anthu osankhidwa ndi voti. Khoti langonena yemwe ali ndi mphamvu yosankha ndi njira yomwe ayenera kutsata. Oweruza akayamba kunena kuti mabiliyoni 40 ndi ochuluka, kapena kuti damu likanakhala bwino kumpoto, ndiye kuti nawonso adumpha malire, ndipo umu ndi momwe munthu angadziwire kuti khoti lasochera.

Njirayi ili ndi mavuto ake. Mphamvu yonse ikaunjikidwa pa khoti limodzi, wofuna kulanda dziko amadziwa khomo limodzi loti athyole, ndipo n'chifukwa chake kasankhidwe ka majaji ndi kofunika kuposa mawu okoma a m'malamulo aakulu. Vuto lina ndi loti andale amazolowera kuthamangira kukhoti nthawi iliyonse akagonja pa voti. Komanso ku Jeremani chigamulo cha mkangano wa nthambi za boma chimangolengeza kuti mbali ina yaswa malamulo aakulu, ndipo chimadalira kuti wogonjayo akonza yekha.

Njira ya ku Falansa: kuunika bilu isanakhale lamulo

Malamulo aakulu a Falansa a 1958 anakhazikitsa bungwe lounika malamulo. Nyumba ya Malamulo ikangomaliza bilu, pulezidenti asanailengeze, anthu angapo angathe kuitumiza ku bungweli: pulezidenti mwini, nduna yaikulu, atsogoleri a nyumba ziwiri za malamulo, ndipo kuyambira 1974, aphungu 60 a nyumba imodzi mwa ziwirizo. Bungweli liyenera kuyankha pasanathe mwezi, kapena masiku asanu ndi atatu boma likanena kuti nkhani ndi yachangu. Ndime yomwe yapezeka yolakwika siilengezedwa.

Pa ndime ya 7, njira imeneyi ndi yomwe ndingaisankhe kuposa zonse. Pulezidenti wathu akanatumiza biluyo kukaunikidwa m'malo mokangana ndi aphungu, ndime yolakwikayo ikanachotsedwa kontirakiti ngakhale imodzi isanasainidwe, ndipo iye akanataya chodzikhululukira chokanira lamulo lonse. Koma theka lina la mkangano njirayi siliona. Kalata yokaniza ndalama inalembedwa lamulo litakhazikika kale, ndipo kalata si bilu. Nkhani yotere imayenera kupita ku makhoti ounika zochita za boma. Komanso bilu yowerengedwa papepala imabisa zolakwika zomwe zimadzaoneka ikayamba kugwira ntchito, ndipo Falansa yomweyo inaliona vutoli, n'chifukwa chake kuyambira 2010 munthu wokhala ndi mlandu kukhoti angathe kutsutsa lamulo lomwe likugwira kale ntchito ngati likuphwanya ufulu wake.

Njira ya ku Mangalande: mawu omaliza ndi a aphungu

Ku Mangalande khoti silingafafanize lamulo lopangidwa ndi Nyumba ya Malamulo. Lamulo la za ufulu wa anthu la 1998 limalola makhoti aakulu kulengeza kuti lamulo lina likusemphana ndi ufulu, koma lamulolo limagwirabe ntchito mpaka aphungu atalisintha. Anthu ena amamva izi n'kuganiza kuti makhoti a kumeneko alibe mano, koma mano awo amaluma boma. Mu Sepitembala 2019 majaji onse 11 a khoti lalikulu omwe anamva mlanduwo anagamula kuti malangizo a nduna yaikulu Boris Johnson oti Nyumba ya Malamulo itsekedwe kwa masabata asanu anali osemphana ndi lamulo, ndipo aphungu anabwerera m'nyumbamo tsiku lotsatira.

Mlandu wathu utapita m'njira imeneyi, aphungu akanapambana zonse. Kusamutsa ndalama popanda lamulo kukanaletsedwa, koma ndime ya 7 ikanakhalabe, chifukwa palibe khoti lokhala ndi mphamvu yoichotsa. Njirayi imayenda bwino kumene boma limachokera m'Nyumba ya Malamulo ndipo limagwa aphungu akalichotsera chikhulupiriro, chifukwa mkangano wotere umatha ndi voti kapena chisankho chatsopano. M'dziko lomwe pulezidenti ndi aphungu amasankhidwa padera, aliyense ndi nthawi yake yoikika, sindikuona kuti ingagwire ntchito. Onse awiri amati anatumidwa ndi anthu, palibe angachotse mnzake mosavuta, ndipo kupatsa mbali imodzi mawu omaliza ndi kuiika kukhala woweruza pa mlandu wake womwe.

Zida zomwe aphungu ali nazo kale

Si mkangano uliwonse uyenera kukathera kwa majaji. Aphungu angathe kuitana nduna ya zachuma kudzayankha mafunso, kupempha mkulu wolondoloza chuma cha boma kuti afufuze, kuchedwetsa mabilu omwe boma likuwafuna, kapena kuyamba ndondomeko yochotsa pulezidenti. Chida chomalizachi ndi cholemera kwambiri pa nkhani ya kalata imodzi, ndipo nthawi zambiri chimafuna mavoti ochuluka. Chothandiza kwenikweni ndi lamulo loikiratu ndondomeko. Aphungu a ku Amereka anachita zimenezi mu 1974, atatopa ndi kukaniza ndalama kwa Nixon: pulezidenti wofuna kuti ndalama zina zisagwiritsidwe ntchito ayenera kulembera aphungu, ndipo iwo akapanda kuvomereza m'masiku 45 a zokambirana zawo, ndalamazo ziyenera kutulutsidwa. Lamulo lotere likanakhalapo m'dziko lathu lopekali, mlembi wa zachuma akanadziwa chochita ndi mapepala ake awiri aja popanda kudikira khoti.

Yomwe ndingasankhe

Kwa dziko lokhala ndi pulezidenti wosankhidwa padera, ine ndingatenge khomo la ku Jeremani lolola nthambi za boma kusumirana mwachindunji, n'kuliphatikiza ndi malire a masiku ngati a ku Falansa, kuti chigamulo chituluke chaka cha bajeti chisanathe. Ndingasiyenso khomo la ku Amereka lotseguka, chifukwa pulezidenti ndi aphungu ambiri akakhala a chipani chimodzi, palibe nthambi yomwe idzasumire inzake, ndipo khonsolo yosalandira ndalama kapena kampani yokanidwa ndi yokhayo ingadandaule.

Chotsala ndi kalembedwe ka chigamulo, pakuti khoti lilibe asilikali kapena thumba la ndalama. Chigamulo chongoti pulezidenti analakwa n'chosavuta kuchizemba. Chothandiza ndi chomwe chikulamula mlembi wa zachuma, mwa udindo wake, kuti atulutse ndalama za madamu pofika tsiku lakuti ndi kubweretsa kukhoti umboni wolumbira woti wachita zimenezo. Mlembiyo akakana, mlandu wonyoza khoti umagwera iye mwini, ndipo akamvera, ali ndi chigamulo chomuteteza pamaso pa bwana wake. Ngati chiletso chinachedwa ndipo gawo la mabiliyoni 15 aja linalipidwa kale, khoti silingafukule msewu womwe wakonzedwa, ndiponso si chilungamo kulanda malipiro a kontirakitala yemwe anagwira ntchito osadziwa kanthu. Chomwe lingachite ndi kulengeza kuti malipirowo anali osaloledwa, kuletsa malipiro ena, ndi kusiyira boma udindo wobwerera ku Nyumba ya Malamulo ndi bajeti yowonjezera, kukapempha aphungu omwe linawalambalala aja kuti avomereze ndalamazo kapena anene komwe zichokere zobwezera ku madamu.